Zinthu 7 zimene bokosi lathu silitiuza: mawu a mlembi wa banki m'khonde kunsi kwa Michesi

Sabata yatha munandituma kuti tisanagawane chaka chino ndibwere ndi yankho pa nkhani imene yavuta pakati pathu. Achinyamata athu akumva pa wailesi kuti anthu akulemera ndi masheya a makampani ku Blantyre, ndipo akufunsa ngati si kutaya nthawi kumasonkha m'bokosi. Akuluakulu akuti zimenezo n'za anthu a mataye, ife tili ndi banki yathu. Ndakhala ndi buku lathu masiku asanu, ndawerengera ndi kubwerezanso, ndipo zina zimene ndapeza zandidzidzimutsa. Ndizitchula chimodzichimodzi. Manambala ndawasalaza kuti asavute kutsatira, koma sali kutali ndi a m'buku lathu.

1. Bokosi la maloko atatu ndi lalikulu msinkhu kuposa msika wa masheya wa dziko lino.

Ambiri timaganiza kuti banki m'khonde ndi kanthu ka dzulodzuloli, ndipo msika wa masheya ndi wakalekale. Ayi ndithu. Njira imene tikutsatayi inayamba mu 1991 m'dziko la Niger, pamene bungwe la CARE linkagwira ntchito ndi amayi a m'midzi ya chigawo cha Maradi. Inde, chaka chomwecho chimene Napolo anatsika m'phiri ili m'mwezi wa Marichi n'kutenga anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Msika wa Malawi Stock Exchange unayamba kugulitsa masheya mu Novembala 1996, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali NICO. Pofika 2024 makampani a pamsikawo anali 16 okha. Ife pano tilipo 25.

Chimene chimasokoneza anthu ndi dzina. Kuno timati sheya, uko akutinso sheya, koma si nyama imodzi. Sheya yathu ndi chidindo m'pasibuku. Wapereka K1,000, tadinda kamodzi, ndipo mu Disembala ndalamayo ibwerera kwa iwe ndi kamwana kake. Sheya ya kampani ilibe tsiku logawana. Ukagula sheya ya Illovo wagula kachidutswa ka kampani ya shuga ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo kampaniyo sidzakubwezera ndalama yako chaka chikatha. Ndalama ungaione m'njira ziwiri zokha: kampani ikapeza phindu n'kugawako kwa eni masheya, zija amati dividendi, kapena iweyo ukapeza munthu wina wogula sheya yakoyo.

2. Phindu limene timavina nalo mu Disembala limachokera m'matumba mwathu momwe.

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tilipo 25, timakumana sabata iliyonse, ndipo tikaphatikiza ogula zambiri ndi ogula zochepa, aliyense amagula masheya atatu pa sabata. Pa masabata 48 masheya onse akwana 3,600, kutanthauza K3,600,000. Chiwongoladzanja ndi zindapusa za ochedwa zabweretsa K1,440,000. M'bokosi tsiku logawana muli K5,040,000. Tikagawa ndalamayi ndi masheya 3,600, sheya iliyonse ya K1,000 yasanduka K1,400. Nthungululu zimayambira pamenepo.

Tsono tiyeni titenge amayi awiri, sinditchula maina. Woyamba ali ndi ana ku Joni amene amamutumizira kangachepe. Wagula masheya 200 chaka chonse ndipo sanabwerekepo. Alandira K280,000. Waika K200,000, wapindula K80,000.

Wachiwiri amaoda matemba ku Chilwa n'kumagulitsa pa Migowi. Wagula masheya 100. Wabwereka K100,000 katatu m'chakachi, ulendo uliwonse wasunga ngongoleyo miyezi iwiri, ndipo mwezi uliwonse wapereka K20,000 ya chiwongoladzanja. Ulendo umodzi K40,000, maulendo atatu K120,000. Tsiku logawana alandira K140,000, ndipo nayenso avina chifukwa akuona phindu la K40,000 pamwamba pa masheya ake. Koma iye anathira m'bokosi K120,000 ya chiwongoladzanja, n'kutengamo K40,000. Yotsalayo, K80,000, yapita kuti? Ndi ija ili m'chikwama cha mayi woyamba uja.

Sindikunena kuti wina wabera mnzake. Mayi wa matemba anapeza mpamba tsiku limene anaufuna, popanda chikole, popanda kukwera kabaza kupita ku boma kukalemba mafomu, ndipo ngati matemba anamupatsa phindu loposa K120,000 pa maulendo atatuwo ndiye kuti zinamuyendera. Chimene ndikufuna tione n'chakuti bokosi palokha silibala ndalama. Ndalama yatsopano imalowa m'gulu lino pokhapokha wobwereka akapita nayo kunja, kukagulitsa matemba, mandasi, tomato kapena kaunjika kwa anthu amene si a gulu lino. Ngati wabwereka kuti alipire fizi, kugula mankhwala kapena kukonza maliro, ngongoleyo yathandiza ndithu, koma chiwongoladzanja chake chichokera ku ganyu kapena ku mbuzi yogulitsa. Gulu lonse silinalemere, ndalama yangosamuka nyumba.

N'chifukwa chake magulu ena anaika lamulo lokakamiza aliyense kubwereka, afune asafune, kuti pasakhale wongodyerera. Ine lamulo limenelo sindigwirizana nalo. Ndinaonapo mayi wina, m'gulu limene ndinali kale, atatenga ngongole yokakamiza n'kuimanga pansalu mwezi wathunthu osaigwiritsa ntchito, kenako n'kuibweza ndi chiwongoladzanja chochokera ku chimanga cha ana ake. Kumeneko n'kudzilipiritsa msonkho wekha.

Dividendi ya kampani ndi yosiyana pamenepa. Imachokera kwa anthu a ku Karonga, a ku Nsanje, a ku Lilongwe amene agula shuga kapena mayunitsi a foni. Ndi ndalama yochokera kunja kwa mudzi. Ndipotu ife tomwe timaperekako tsiku ndi tsiku tikamagula mayunitsi a Airtel ndi TNM, makampani amene onse awiri ali pamsika umenewu.

3. Timabwereketsa pa 240 peresenti pa chaka, koma timagawana 40.

K20 pa K100 iliyonse mwezi uliwonse imamveka yaing'ono chifukwa tinaizolowera. Ichulukitseni ndi miyezi 12, ikwana K240 pa K100. Ndipo ngati munthu alephera kulipira, ife n'kumaphatikiza chiwongoladzanja ku ngongole mwezi ndi mwezi, K10,000 imasanduka pafupifupi K89,000 chaka chikamatha. Wakatapila timamunyoza, koma sitili naye kutali kwenikweni.

Nanga ngati tikulipiritsa chonchi, bwanji sheya yathu yangokwera ndi K400? Choyamba, ndalama sizilowa tsiku limodzi. Ya mu Januwale imagwira ntchito miyezi 11, ya mu Novembala mwina sigwira n'komwe. Tikasakaniza, kwacha iliyonse imakhala m'gulu pafupifupi theka la chaka. Ngakhale zili choncho, ndalama zathu zonse zikanakhala pa ngongole tsiku lililonse tikanapeza chiwongoladzanja cha pafupifupi K4,000,000. Tapeza K1,440,000. Kusiyanako kukutiuza kuti ndalama yoposa theka inkagona m'bokosi. Inu osunga makiyi ndinu mboni. Mu Januwale ndi Febuluwale, njala ili pakhomo ndipo feteleza wobereketsa akufunika, ofuna ngongole amachuluka koma bokosi limakhala lopepuka. Kuyambira Ogasiti, anthu atagulitsa nandolo, bokosi limalemera koma obwereka amachepa. Mwezi womaliza timasiyiratu kubwereketsa kuti titolere.

Komabe ndinene chilungamo mbali inayo. Popeza ndalama yathu imakhala m'gulu theka la chaka lokha, 40 peresenti imeneyi ikufanana ndi pafupifupi 80 peresenti pa chaka chathunthu. Kwa munthu wosunga osabwereka, palibe buku la ku banki limene lingamupatse zotere. Achinyamata amene mukuti bokosi n'lachikale, nambala imeneyi muisunge.

4. Bokosi lingathe kubedwa maloko onse atatu ali chitsekere.

Pa 9 Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene mabanki ankagulitsa pa K1,180 inafika pa K1,700. Kunali kutatsala milungu yowerengeka kuti magulu ambiri agawane. Munthu amene ankayembekeza K500,000 anagona ali ndi ndalama yokwana madola 424, anadzuka ali ndi ya madola 294. Palibe anathyola loko. Ndalama zinali zomwezo, zomangidwa ndi mphira womwewo, koma feteleza, malata, simenti ndi mafuta ophikira, zimene zimadalira dola, zinathawa. Izi zinachitikanso mu Meyi 2022 pamene kwacha inatsika ndi 25 peresenti, ndiponso mu Meyi 2012.

Mu 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi kuposa 30 peresenti pa chaka. Ndiye tikamati sheya yathu yakwera kuchoka pa K1,000 kufika pa K1,400, tizifunsa kuti K1,400 ya Disembala ikugula sopo ndi mchere wochuluka bwanji poyerekeza ndi K1,000 ya Januwale. Gawo lina la phindu lathu limangotseka dzenje limeneli.

Musaganize kuti a ku tauni anapulumuka onse. Pali njira yobwereketsa ndalama ku boma, zikalata zija a ku banki amati matirezhale bilu, imene anthu amaiona ngati yosaopsa kuposa zonse. Mu 2024 chikalata cha masiku 364 chinkapereka pafupifupi 26 peresenti. Woika K100,000 ankapeza K26,000, boma n'kudulapo msonkho wa 20 peresenti pa phindulo, n'kutsala ndi K120,800 yonse pamodzi. Koma katundu amene anali wa K100,000 anali atadutsa K130,000. Munthu wa tayeyo anabwerera m'mbuyo, pamene mayi wathu wosunga m'bokosi anapitako patsogolo pang'ono.

5. Ife tinalowa kale pamsika, ndipo unatiwotchapo.

Amene akuti za misika sitizidziwa aiwala nandolo. Munthu akagula matumba nthawi yokolola n'kuwasunga kudikira kuti mtengo ukwere, akuchita zomwezo zimene amachita wogula masheya. Mu 2015 ndi 2016 nandolo anali golide kuno, mavenda ankalimbirana ndi masikelo awo m'misewu, ndipo tonse tinakuza minda. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, linaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo unagwa mpaka kufika cha pa K100 pa kilogalamu, malo ena kucheperapo. Amene anasankha zimenezo anali ku New Delhi, sanamvepo dzina la Michesi, koma ngongole za m'mabokosi a kuno zinavuta kubweza chaka chimenecho.

Phunziro la masamu lili apa. Ukabwereka K100,000 m'bokosi kuti ugule chimanga chosunga, n'kudikira miyezi itatu, chiwongoladzanja chokha ndi K60,000. Onjezapo matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi wonyamula. Mtengo wa chimanga uyenera kukwera ndi kuposa 60 peresenti m'miyezi itatu kuti ungobweza zako, usanadyepo n'kamodzi komwe. Zaka zina zimatheka, zaka zina boma limaletsa kutumiza chimanga kunja kapena chithandizo chimafika, mtengo n'kuima. Ngongole ya m'bokosi imayenerana ndi malonda oyenda msanga, oti mpamba uzungulira kawiri kapena katatu pa mwezi. Chilichonse chofuna kudikira, ngongole imeneyi imachidya chisanapse.

6. Mphamvu ya gulu lathu ndi yomwenso ili chilema chake: tonse timagona kunsi kwa phiri limodzi.

Timabwereketsana popanda chikole chifukwa timadziwana. Ndikudziwa munda wanu, mukudziwa mbuzi zanga, timakumana pa mjigo ndi pa maliro. Mmodzi akadwala, anthu 24 amamunyamula, ndipo thumba lathu la zadzidzidzi linapangidwira zimenezo. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma denga likagwera onse nthawi imodzi, wonyamula mnzake ndani?

Sindifuna kutosa zilonda, pakuti pamphasa pano pali anthu amene anataya abale awo. Koma sitingakambe za ndalama kuno osatchula Marichi 2023. Namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa masiku osaleka, phiri linang'ambika, ndipo madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika m'midzi. Kwa Nkhulambe mukudziwa zimene zinachitika. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ine ndimakumbukira pasibuku ya mlamu wanga, imene tinaipeza patatha masiku itakodwa m'mizu ya mtengo. Masamba anali ataphatikana, inki ya zidindo itasungunuka n'kukhala banga limodzi lofiirira. Tinaiyanika pamwala, koma panalibe woti n'kuwerenga kuti masheya anali angati.

Taganizani mmene bokosi limakhalira mu Marichi. Ndalama zambiri zimakhala zili kunja, zili m'minda ngati feteleza, zili m'timaokala, zili m'matumba a ufa. Chimanga chitakokoloka, obwereka onse analephera kubweza mwezi umodzimodziwo, ndipo mwezi womwewo aliyense anafuna ndalama zake kuti agule pepala lofolera ndi chakudya. Thumba la zadzidzidzi limene timasonkha K200 pa sabata limakwana maliro awiri kapena atatu pa chaka. Silinapangidwire mudzi wonse. Chaka chotsatira, 2024, kunabwera ng'amba, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Apanso vuto linagwera onse pamodzi.

Apa ndi pamene ndalama yoikidwa kutali imaposa bokosi, ndipo sikuti chifukwa cha kukula kwa phindu ayi. Masheya a pamsika masiku ano salinso mapepala osunga m'sutikesi. Amalembedwa pa kompyuta m'kaundula wotchedwa CSD, m'dzina la mwini wake. Nyumba itapita ndi madzi, dzinalo limatsala. Kampani imene ili ndi nthambi m'zigawo zonse zitatu sigwa chifukwa mtsinje wa Phalombe wasefukira. Ngakhale ndalama yongosunga ku banki ili ndi chitetezo chimene bokosi lilibe: bungwe la Deposit Insurance Corporation linakhazikitsidwa kuti banki ikagwa lizibwezera wosunga aliyense ndalama zake mpaka pa malire oikika. Bokosi lathu likapsa, likabedwa kapena likapita ndi madzi, palibe ofesi imene tingakagogode.

N'chifukwa chake ndikupempha, ngakhale nkhani ya masheya titaikana, kuti kuyambira Ogasiti ndalama yogona m'bokosi izikagona ku akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, ndiponso kuti tsamba la buku lalikulu tizilijambula pa mafoni a anthu awiri msonkhano uliwonse ukatha.

7. Ngakhale chaka chabwino cha msika ngati 2023 sichikanalipira ngongole ya m'bokosi ya miyezi inayi.

Achinyamata sakunama, anthu apinduladi. FDH Bank inalowa pamsika mu Ogasiti 2020 ikugulitsa sheya imodzi pa K10. Munthu amene anaika K50,000, ndalama imene ambiri pano timalandira kuposa pamenepo tsiku logawana, anapeza masheya 5,000. Pofika kumapeto kwa 2024 sheya imeneyi inali itadutsa K100, kutanthauza kuti K50,000 ija inali itapitirira K500,000, osawerengera madividendi a m'zaka zimenezo. Mu 2023 mitengo ya msika wonse, kuphatikiza makampani onse, inakwera ndi pafupifupi 79 peresenti.

Koma taikani 79 imeneyo pambali pa 20 yathu. Wina atabwereka K100,000 m'bokosi mu Januwale 2023 kukagula masheya, pofika kumapeto kwa Epulo chiwongoladzanja chikanakwana K80,000, kuposa phindu limene msika unapereka chaka chonse. Ndiye lamulo loyamba ndilinene mosapsatira: munthu asabwereke m'bokosi lino kukagula masheya. Ndikadzaona pempho lotero ndidzalikana ndisanalilembe.

Msika umatsikanso. Mu 2015 ndi 2016 unatsika zaka ziwiri zotsatizana, pamene mitengo ya zinthu inkakwera ndi kuposa 20 peresenti chaka chilichonse. Kampani yaikulu imathanso kuluza. Airtel Malawi, imene inalowa pamsika mu Febuluwale 2020 pa K12.69, inatseka chaka cha 2023 ndi kuluza chifukwa cha kugwa kwa kwacha komwe kuja, ngakhale tonsefe sitinasiye kuimba foni. Kampani ikaluza, chogawira eni masheya chimasowa. Ndipo zimene FDH inachita kuchoka pa K10 si lonjezo kwa munthu wogula lero pa mtengo wokwera kale.

Chinanso ndi nthawi. Mwana akatentha thupi usiku, m'mawa mumagogoda kwa apampando, thumba la zadzidzidzi limatseguka, ndipo masana muli kuchipatala. Sheya ya kampani simungaigulitse pa Migowi. Mumauza buloka wanu, iye amaiika pamsika, mumadikira wogula apezeke pa mtengo umene mukufuna, kenako mumadikiranso masiku angapo kuti ndalama ilowe ku akaunti. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo masheya a makampani ena amatha masiku osagulidwa. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya feteleza, ya fizi ndi ya matenda isachoke pafupi. Yopita ku msika ikhale ija mungathe kuiiwala zaka zitatu kapena zisanu.

Kwa amene akufuna kuyesa, njira yake ndi iyi. Masheya sagulidwa kwa munthu woyenda ndi chikwama m'mudzi, amagulidwa kudzera kwa mabuloka ovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital ndi Cedar Capital. Amafuna chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki ya dzina lanu ndi umboni wa kumene mukukhala, ndipo amakutsegulirani akaunti ya CSD. Pogula ndi pogulitsa pomwe amadulapo kakomishoni, choncho kugula lero n'kugulitsa mwezi wamawa n'kudyetsa buloka. Dividendi imabwera itadulidwa kale msonkho. Amene safuna kusankha kampani yekha angathe kuika m'thumba losonkherana limene akatswiri amayendetsa, monga la Old Mutual Unit Trust, limene limamwaza ndalama m'malo angapo. Pamenepo ndiye pafanana kwambiri ndi zimene timachita pano, kungoti osonkha ake sadziwana.

Pali msampha umodzi umene ungatigwetse ngati gulu. Wina anena kuti tisonkhe tonse n'kugula m'dzina la mlembi kapena la apampando kuti zisavute. Ine ndine mlembi ndipo ndikukana. Masheya olembedwa m'dzina langa ndi anga pamaso pa lamulo. Nditamwalira amalowa m'chuma cha masiye, ndipo inu mudzakhala mukukangana ndi ana anga ndi akuchimuna kwanga pa chinthu chimene buku lathu la pamphasa silingatsimikize ku khoti. Aliyense agule m'dzina lake, apo ayi tiyambe talembetsa gulu mwalamulo kuti likhale ndi dzina lakelake.

Ndipo akadzabwera munthu, kaya pa foni kaya pamaso, n'kunena kuti ndalama yanu iika pamsika ndipo mwezi uliwonse muzilandira 30 kapena 50 peresenti mosalephera, mufunseni mafunso awiri. Chilolezo chake cha ku Reserve Bank chili kuti? Nanga phindulo likuchokera pa malonda anji? Buloka weniweni salonjeza nambala, chifukwa iyenso sadziwa za mawa. Akakuuzani kuti mupindula kwambiri mukabweretsa anzanu awiri, dziwani kuti phindu lanu ndi ndalama ya anzanuwo, ndipo tsiku limene olowa adzathe iye adzazimitsa foni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amayi apampando, zopempha zanga ndi zitatu, ndipo ndikufuna zilowe m'buku lero. Choyamba, chaka chamawa tiyese kutsitsa chiwongoladzanja kufika pa K10 pa K100, tione ngati obwereka sachuluka m'miyezi imene bokosi limagona, ndipo lamulo lokakamiza ngongole lisalowe muno. Chachiwiri, akaunti ya gulu itsegulidwe Ogasiti asanafike. Chachitatu, tsiku logawana amene akufuna apatule gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama yake, wolandira K280,000 apatule K28,000, ndipo tisankhe anthu awiri, mayi mmodzi ndi mnyamata mmodzi, apite ku Blantyre kukafunsa kwa mabuloka awiri osiyana za mafomu, komishoni ndi ndalama yochepetsetsa yoyambira, adzatiuze mu Januwale tisanagule kanthu. Thiransipoti yawo ndikupempha ichokere ku zindapusa za mwezi uno, zimene pofika lero zakwana K14,500. Ndabweza mawu kwa inu, amayi, kuti tikweze manja pa chimodzichimodzi.